Ngalande ya mamita 40: dothi lokumba likhala lochuluka bwanji?

Mai a Mapasa: Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Ndikufuna ngalande yochotsa madzi a mvula kuseri kwa nyumba kukataya mu ngalande ya pamsewu. Kutalika ndi mamita 40. Bilidala wati itsetsereke 1 pa 100, mkati ikhale masentimita 30 mulifupi, yomanga ndi njerwa, ndipo koyambira ikhale yakuya masentimita 40. Wati tikumbe masentimita 60 mulifupi. Aganyu akufuna tigwirizane mtengo, koma ndiyambe ndadziwa kuti dothi lituluka lochuluka bwanji.

Mnyamata wa pa Sayiti: Zophweka izo mayi. 1 pa 100 ndiye kuti mita iliyonse mukutsika sentimita imodzi, mamita 40 mwatsika masentimita 40. Mwayamba ndi 40, mumaliza ndi 80, pakati pake ndi 60. Ndiye 40 × 0.6 × 0.6 = 14.4. Makiyubiki mita 14.4, basi.

Kapitawo wa Misewu: Achimwene, kutsika kwa masentimita 40 mwakhoza, ndipo yankho lanulo ndi loona ngati nthaka ili see kuchokera kuseri mpaka ku msewu. Koma puloti yotero ndi yosowa. Kutsetsereka kumene bilidala akunenako ndi kwa pansi pa ngalande, pomwe madzi adziyenda, osati kwa nthaka imene tikupondayi. Pansi pa ngalande ndi mzere wowongoka wotsika mofanana, pomwe nthaka ya pamwamba imakwera ndi kutsika mmene ikufunira. Kuya kokumba pamalo aliwonse ndi mpata wa pakati pa ziwirizi. Nthaka ikamatsika yokha masentimita 40 pa mamita 40 amenewo, mukumba 40 njira yonse. Ikamakwera, kumapeto mukhoza kupezeka mwapyola mita. Ndiye mayi, musanawerengere chilichonse, pafunika kupima nthaka. Khomani zikhomo mamita 10 aliwonse, zikhale zisanu, kuyambira pa 0 mpaka pa 40. Lembani chizindikiro chimodzi pakhoma la nyumba, kenako chisamutsireni pa chikhomo chilichonse ndi levulo ya payipi. Mukatero muyese ndi tepi kuchokera pachizindikiro kufika pansi, mutiuze manambalawo.

Mai a Mapasa: Levulo ya payipiyo ndiye iti? Bilidala ali ndi ija yachitsulo ya kadontho pakati.

Bilidala Wamkulu: Payipi yoonekera mkati ija mayi, yaing'ono ngati chala, mumaipeza mu hadiweya. Ya mamita 12 kapena 15 ikwana. Mumathiramo madzi, ndipo madzi a mbali ziwirizo amaima pa msinkhu umodzi ngakhale payipi itakhotakhota pansi. Wina agwire mbali imodzi pachizindikiro cha pakhoma, azikweza kapena kutsitsa mpaka madzi afike ndendende pamzere, winayo alembe pa chikhomo pomwe madzi aima, kenako muzisamutsa mzerewo kuchokera pa chikhomo china kupita pa chinzake. Zikhomo zikhale zazitali, zotuluka pansi kuposa mita, apo ayi mzerewo udutsa pamwamba pake.

Chimene chimanamiza anthu ndi mpweya wotsalira mu payipi. Mukathira madzi, bweretsani mbali ziwirizo pamodzi muone ngati madzi akulingana. Akasiyana ndiye kuti muli mpweya kapena payipi yapindika penapake, tulutsani kaye. Komanso poyesa musatseke kukamwa ndi chala, ndipo dikirani madzi asiye kuvina musanalembe.

Mlimi wa ku Dimba: Ife za mapayipi sitidziwa. Timatenga thabwa lowongoka la mamita 3, kumapeto kwake n'kukhomerako kamtengo ka masentimita 3, levulo yachitsulo ija pamwamba. Kadontho kakakhala pakati ndiye kuti watsika 1 pa 100. Umangosuntha thabwa uku ukukumba.

Kapitawo wa Misewu: Thabwalo ndi labwino posalaza konkire, ndipo lidzafunika. Koma silikuuzani kuya musanakumbe, pomwe mayiwa akufuna nambala lero khasu lisanakhudze pansi. Vuto lina ndi loti pa mamita 40 mulisuntha koposa kakhumi, ndipo mukamaphonya theka la sentimita mbali imodzimodzi ulendo uliwonse, pofika kumapeto mwataya masentimita 6 kapena 7. Pa 40 yomwe muli nayoyo, imeneyo ndi yambiri.

Mai a Mapasa: Tapima ndi bilidala. Kuchokera pamzere kufika pansi: pa 0 ndi 60, pa 10 ndi 55, pa 20 ndi 48, pa 30 ndi 70, pa 40 ndi 95. Onsewo masentimita.

Mnyamata wa pa Sayiti: Ndiye kuti pa 20 ndi pokumbika, poti nambala yachepa?

Aphunzitsi a Masamu: Ayi, n'zosemphana. Tikuyesa kuchokera kumwamba kutsika pansi, ndiye nambala ikachepa ndiye kuti nthaka yayandikira mzere, pamenepo ndi pokwera. Pa 20 pali kamtunda, nthaka yakwera masentimita 12 kuyerekeza ndi koyambira, kenako n'kutsika kulowera ku msewu.

Tiwerengere tsopano. Pa 0 nthaka ili 60 pansi pa mzere, ngalande ikuya 40, ndiye pansi pa ngalande pali 100 kuchokera pamzere. Mamita 10 aliwonse tiwonjezere 10, zikhala 100, 110, 120, 130 ndi 140. Kuya pa chikhomo chilichonse ndi nambala ya ngalande kuchotsera nambala ya nthaka:

```
0:   100 - 60 = 40
10:  110 - 55 = 55
20:  120 - 48 = 72
30:  130 - 70 = 60
40:  140 - 95 = 45
```

Onani kuti pakuya kwambiri si kumapeto ayi, koma pakati pa kamtunda paja, masentimita 72.

Mnyamata wa pa Sayiti: Chabwino, ndiye titenge koyamba ndi komaliza, 40 ndi 45, pakati pake 42.5. 40 × 0.6 × 0.425 = 10.2. Yatsika bwino, mayi asangalale.

Aphunzitsi a Masamu: Asangalala lero, mawa akangana ndi aganyu. Mwasiya kamtunda konse kunja kwa masamu. Avereji ya koyamba ndi komaliza imagwira pokhapokha nthaka ikakhala yowongoka pakati pa malo awiriwo, n'chifukwa chake timadula ngalande m'zigawo. Chigawo chilichonse cha mamita 10 titenge avereji ya zikhomo zake ziwiri. Choyamba 40 ndi 55 zipereka 47.5, chachiwiri 55 ndi 72 zipereka 63.5, chachitatu 72 ndi 60 zipereka 66, chomaliza 60 ndi 45 zipereka 52.5. Kuwonkhetsa zonse ndi 229.5, omwe ndi mamita 2.295. Kuchulukitsa ndi mamita 10 a chigawo tipeza 22.95, ndipo nambala imeneyi isungeni, ndi kukula kwa khoma limodzi la dzenjelo mukaliyang'ana cham'mbali. Kuchulukitsa ndi mulifupi 0.6 tipeza makiyubiki mita 13.8.

Mnyamata wa pa Sayiti: Ndiye 14.4 yanga yoyamba ija inali pafupi!

Kapitawo wa Misewu: Zangochitika mwamwayi achimwene, kamtunda ka pakati kabwezera zomwe mtsetse wa kumsewu wachotsa. Tikanatsatira kuya kwanu kuja, kumapeto tikanakumba 80 pamalo pofunika 45, madzi n'kukhala chithaphwi pansi pa ngalande ya msewu.

Aphunzitsi, njira yanu ndi yomweyo, koma 13.8 si dothi lonse. Masentimita 40 amene bilidala wanenawo ndi a ngalande yomalizidwa, pamwamba pa konkire. Pansi pake pafunika konkire ya masentimita 10, ndiye kuya konse kuwonjezereke ndi 10. Mulifupi nawonso 60 ndi wothina. Mkati 30, khoma la njerwa yogona mulitali pamodzi ndi pulasitala limatenga pafupifupi 15 mbali iliyonse, 60 yatha kale. Bilidala alowetsa pati dzanja? Konkire nayo imafunika kutulukira pang'ono kunja kwa khoma kuti njerwa isakhale pamphepete. Siyani 10 mbali iliyonse, mukumbe 80. Zikatero 22.95 ija iwonjezereke ndi 0.1 × 40, yomwe ndi 4, ikhale 26.95, kuchulukitsa ndi 0.8 ndi makiyubiki mita 21.6. Kuchoka pa 13.8 kufika pa 21.6 chifukwa cha masentimita 10 pansi ndi 20 m'mbali. Apa ndi pamene makotesheni ambiri amafera.

Bilidala Wamkulu: Ine pa 80 ndikutsutsako pang'ono bwana. Ngati dothi ndi katondo wolimba, khoma limaima lokha, mukhoza kukumba 65 kapena 70, njerwa n'kuitsamiritsa ku dothi, mpata wotsala n'kuthiramo matope a simenti. Dothi losakumbidwa limagwira khoma bwino kuposa lobwezera.

Kapitawo wa Misewu: Pa katondo ndikuvomera, bola aganyu akumbe mowongoka ndi chingwe. Koma akakhotetsa masentimita 5 okha, pa 65 mulibenso pokonzera, ngalande idzatsatira kukhota kwa dzenje. Pa mchenga kapena makande osayesa n'komwe, m'mbali mumagumuka. Mayi, dothi lanu ndi lotani?

Mai a Mapasa: Lofiira, koma cha pakamtundapo pali timiyala.

Bambo a ku Mpanda Wautali: Pepani ndalowa mochedwa. Inetu ndikudziwa kuti 1 pa 100 njochepa, malamulo ake ndi 1 pa 40. Mukapanga 1 pa 100 itsekeka mwezi usanathe.

Bilidala Wamkulu: Akulu, 1 pa 40 ija ndi ya payipi ya chimbudzi yopita ku sepitiki, kumene madzi ochepa amayenera kukankha zolimba. Apa tikunena ngalande yotsegula ya madzi a mvula, yopaka pulasitala. 1 pa 100 imayendetsa madzi bwinobwino. Mutati muike 1 pa 40 pa mamita 40 mutsika mita yathunthu, pansi pa ngalande kumapeto pakhala 200 kuchokera pamzere, dzenje lopyola mita pafupi ndi msewu. Madziwo mukawatulutsira kuti?

Kapitawo wa Misewu: Funso limenelo ndi lomwe ndimadikira. Mayi, tapima zikhomo zisanu koma nambala yofunika kuposa zonse sitinaitenge. Pitani ndi payipi ija mpaka mu ngalande ya pamsewu, muyese kuchokera pamzere womwewo kufika pansi pake. Muchotse kaye mchenga ndi zinyalala mpaka mufike pansi penipeni. Ngalande siyambira kumtunda powerengera, imayambira kotulukira, chifukwa kumtunda mukhoza kusintha koma ngalande ya msewu simungaisunthe.

Mai a Mapasa: Tayesa, ndi 135.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiye pali vuto. Yathu ikufika pa 140, kutanthauza kuti ikulowa masentimita 5 pansi pa ngalande ya msewu.

Kapitawo wa Misewu: Eya. Mukanakumba motero, theka la chigawo chomaliza bwenzi mukukhala madzi osatuluka, udzudzu n'kumaswana, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi a pamsewu bwenzi akulowa kwanu ndi mchenga wawo. Kumapeto kwa ngalande yanu kuyenera kukhala pamwamba pa pansi pa inayo, osati kungolingana. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuchepetsa kutsetsereka: muyambe pa 100 pomwe paja, mumalize pa 130, kutsika 30 pa mamita 40, pafupifupi 1 pa 133. Yachiwiri ndi kusunga 1 pa 100 koma kukweza ngalande yonse ndi masentimita 10, koyambira ikhale yakuya 30 m'malo mwa 40. Ine ndingasankhe yachiwiri. Koyambira madzi amakhala ochepa, sipafunika kuya kwambiri, ndipo kutsetsereka kukachepa, kulakwitsa pang'ono kwa womanga kumasiya malo oima madzi.

Bilidala Wamkulu: Yachiwiriyo ndi yabwino, koma mayi aone kaye chinthu chimodzi. Ngati pali payipi ya kubafa kapena ya madzi a padenga yomwe idzathire koyambirako, iyeseni nayonso pamzere womwewo. Ikakhala kuti ikutulukira motsika, nambala yake n'kupyola 90, simungakweze ngalande, mukakamizika kutenga njira yoyamba.

Mai a Mapasa: Kulibe payipi, ndi madzi a padenga ndi a pabwalo okha, amangoyenda pamwamba.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiye tibwereze. Pamwamba pa konkire pakhala 90, 100, 110, 120 ndi 130 kuchokera pamzere. Pansi pa dzenje, titawonjezera 10 wa konkire, ndi 100, 110, 120, 130 ndi 140. Amenewa ndi manambala athu oyamba aja, ndiye kuya kokumba kwabwerera pa 40, 55, 72, 60 ndi 45, kungoti tsopano konkire ili m'kati momo. 22.95 × 0.8 = 18.36. Tinene kuti makiyubiki mita 18.4. Mukatsatira a Bilidala n'kukumba 70, ndi 16.1.

Mlimi wa ku Dimba: Nanga osangokumba ya dothi lokha, opanda njerwa? Mkati 30 basi, dothi lichepa kwambiri, simenti osagula.

Kapitawo wa Misewu: Simenti mupulumutsa koma dothi silichepa. Ngalande yosamanga siingakhale ndi makoma oima chilili, imafuna m'mbali mopendekeka, mwina sentimita imodzi kunja pa sentimita iliyonse ya kuya, apo ayi mvula yoyamba igwetsa. Popanda konkire kuya ndi 30, 45, 62, 50 ndi 35. Pakamtunda paja, kukamwa kwa ngalande kukhala 30 kuphatikiza 62 mbali iliyonse, masentimita 154. Kuseri kwa nyumba za m'tauni mpata umenewo ndi wosowa. Powerengeranso samalani: apa simungachulukitse kuya ndi mulifupi umodzi, chifukwa mulifupi ukukula limodzi ndi kuya. Mumapeza kukula kwa nkhope ya dzenje pa chikhomo chilichonse, kuya kuchulukitsa ndi mulifupi wa pansi wophatikiza kuya komweko. Pa 20 ndi 0.62 × 0.92 = 0.57, pomwe pa 0 ndi 0.30 × 0.60 = 0.18. Kuya kwangowirikiza kawiri koma dothi lawirikiza katatu. Mukatenga avereji ya nkhopezo chigawo ndi chigawo, zonse zifika makiyubiki mita 15, osatalikira kwenikweni ndi ya njerwa ija.

Mai a Mapasa: Mpata wa mita ndi theka palibe, pali mpanda. Tikhala pa njerwa. Nanga 18.4 imeneyi ndi mawilibala angati? Malo otayira ndi ochepa.

Kapitawo wa Misewu: Dothi likakumbidwa limafufuma, chifukwa pakati pa zibuma pamalowa mpweya. Pa dothi lofiira werengerani kuti liwonjezereka ndi gawo limodzi mwa anayi, ndiye mulu wonse ukhala pafupifupi makiyubiki mita 23. Koma si lonse lochotsa. Mpata wa masentimita 10 kuseri kwa makoma awiri aja udzafuna kubwezera, ndipo utenga pafupifupi 3.8 mukatsendera bwino. Chotsala ndi 14.6, chikafufuma ndi 18 ndi pang'ono. Wilibala yomwe munthu angakankhe tsiku lonse imanyamula ngati malita 50 a dothi, ndiye mawilibala 20 pa kiyubiki mita, onse pamodzi pakati pa 360 ndi 370. Lobwezeralo sankhani lopanda miyala ikuluikulu ndi mizu, ndipo muliunjike kutali ndi mphepete ndi theka la mita kapena kuposa. Likakhala pamphepete penipeni limalemetsa khoma, komanso limagweranso m'dzenje.

Mnyamata wa pa Sayiti: Funso langa ndi la pokumba. Pa zikhomo kuya tikukudziwa, nanga pakati pa zikhomo waganyu adziwa bwanji? Akangouzidwa kuti pano 55, apo 72, apanga masitepe.

Bilidala Wamkulu: Funso labwino limenelo. Musamuuze manambala asanu, mupatseni ndodo imodzi. Dulani ndodo ya mita imodzi ndendende. Pansi pa dzenje pa 0 pali 100 kuchokera pamzere wa levulo, ndiye pa chikhomo chimenecho khomani msomali pamzere pomwepo. Pa chikhomo cha 10 khomani masentimita 10 pansi pa mzere, pa 20 mutsike 20, pa 30 mutsike 30, pa 40 mutsike 40. Mukamanga chingwe pa misomali imeneyi, chingwecho chikutsetsereka 1 pa 100, ndipo paliponse chili mita imodzi pamwamba pa pansi pa dzenje. Waganyu angoimika ndodo m'dzenje, mutu wake ukalingana ndi chingwe wafika. Kuti mutsimikize kuti simunalakwitse, yesani kuchokera pa msomali kufika panthaka musanakumbe, mupeze 60, 45, 28, 40 ndi 55.

Zikhomo zisakhale m'kati mwa mzere wokumba, zidzazulidwa tsiku loyamba. Pa malo aliwonse khomani ziwiri, china uku china uko, chilichonse theka la mita kuchokera m'mphepete, n'kupingasa kathabwa kokhala levulo pa msinkhu wa msomali uja. Chingwe chidutse pakati pa timatabwato. Chingwe cha mamita 10 chimagwa pamimba ngakhale mutachikoka bwanji, ndipo chikagwa sentimita imodzi kapena awiri, dzenje nalo likumbika pakati. Ikani kathabwa kena pa mamita 5, kotsika masentimita 5 kuchokera pa kam'mbuyo, kapena muike diso pa kathabwa kamodzi n'kuyang'ana kenako, mutu wa ndodo uzioneka pamzere umodzi ndi tonse tiwiri.

Kapitawo wa Misewu: Ndiwonjezere ziwiri. Yambani kukumba kuchokera ku msewu kukwera, ndipo mutsegule kanjira koti madzi azitulukira, kuti mvula ikakupezani dzenje lisasanduke dziwe. Pansi pa dzenje kumapetoko padzakhala masentimita 5 kunsi kwa ngalande ya msewu mpaka konkire itathiridwa, ndiye chigawo chimenecho musachisiye chotsegula masiku ambiri. Chachiwiri, aganyu asiye masentimita 5 omaliza, adzawasepe ndi fosholo tsiku lothira konkire. Pena akapyoza, osabwezera dothi lofewa n'kupondaponda ndi phazi. Pamenepo pamadzatitimira, konkire n'kusweka, madzi n'kumalowa pansi. Dzazani ndi kwale wotsendera kapena konkire yochepa simenti.

Komanso mayi, ngalandeyi ikudutsa patali bwanji ndi khoma la nyumba ndi la mpanda? Pomwe mukukumba 72, dzenje likhoza kupyola kuya kwa fondeshoni ya mpanda. Musayandikire kuposa kuya kwa dzenjelo, ndipo ngati mpata sukulola, kumbani mamita awiri kapena atatu, mumange, mubwezere, kenako mupitirire. Funsaninso komwe payipi yanu ya madzi akumwa inadutsa, kawirikawiri imakhala yosaya ndipo piki sayiona.

Mai a Mapasa: Ku mpanda kutsala ngati masentimita 50 kuchokera m'mphepete mwa dzenje. Tipanga pang'onopang'ono pamenepo. Aganyu akufuna mtengo pa mita, ndivomere?

Aphunzitsi a Masamu: Ngati gulu limodzi likumba yonse, zilibe kanthu, gwirizanani mtengo wa ntchito yonse mukudziwa kuti ndi 18.4. Koma mukawagawira ndime za mamita 10 pa mtengo wofanana, padzakhala mkangano. Chigawo choyamba ndi makiyubiki mita 3.8, chachiwiri 5.1, chachitatu 5.3, chomaliza 4.2. Apakatiwo akumba lambiri, akuliponya kuchokera pakuya, ndipo timiyala tija tili kwa iwo.

Kapitawo wa Misewu: Pa dothi lofewako munthu mmodzi amatha makiyubiki mita atatu pa tsiku, pa louma la miyala lofuna piki awiri kapena kuchepera. Ndiye kukumba kokha ndi masiku a munthu mmodzi pakati pa 6 ndi 9, anthu atatu masiku awiri kapena atatu. Kututa mawilibala aja ndi ntchito ina, muinene padera pogwirizana. Mugwirizanenso zochita akapeza thanthwe pakamtundapo, chifukwa mtengo wa dothi sungagwire pa mwala.

Bilidala Wamkulu: Chimodzi chomwe chingasinthenso nambalayi: pa 20 khoma likhala lalitali masentimita 62, pambali pali mpanda. Ine pamenepo sindingamange njerwa yogona mulitali, ndingamange khoma la njerwa yathunthu, masentimita 23, kuyambira pa 15 mpaka pa 30. Dzenje likule kufika mita imodzi pa mamita 15 amenewo, dothi lina ngati makiyubiki mita awiri.

Kapitawo wa Misewu: Mukakulitsa mbali zonse ziwiri, ku mpanda kutsala 40 yokha. Ine ndingasiye khoma lopyapyala n'kuika timizati ta njerwa mamita awiri aliwonse, kapena kuvindikira chigawocho ndi masilabu kuti makoma azigwirana pamwamba. Mayi, kumbani kadzenje kamodzi pambali pa mpanda cha pa 20, mutiuze fondeshoni yake yaya masentimita angati.